Kukonza Ulaliki Waufupi wa Ana Wokhudza Kunena Zoona Kusukulu

Aphunzitsi ambiri a Sande Sukulu akafuna kuphunzitsa za kukhulupirika amathamangira nkhani ya Hananiya ndi Safira pa Machitidwe 5:1-11, kapena ya Gehazi pa 2 Mafumu 5:20-27. Nkhani zonsezi ndi za m'Malemba ndithu, koma kwa ana a Sitandade 2 mpaka 5 zimasiya mantha okhaokha, chifukwa chimene mwana amanyamula n'chakuti wonama amagwa pansi n'kufa, kapena amachita khate. Mwanayo akaona mnzake wanama Lolemba koma Lachiwiri ali bwinobwino, amayamba kukayikira phunziro lonse. Ine ndimalangiza kuti mutenge 1 Samueli 3:15-18, pakuti pamenepo wofunika kunena zoona ndi mwana, ndipo akuzinena kwa munthu wamkulu amene akumulera ndi kumuphunzitsa.

Gawo limene ana amalidziwa kale, la Samueli akuthamangira kwa Eli katatu usiku, lifotokozeni mwachidule. Mukhalitse pa vesi 15, pamene Samueli wagona mpaka m'mawa, watsegula zitseko za nyumba ya Yehova, ndipo akuopa kuuza Eli uthenga wowawa wochokera kwa Yehova wonena za banja la Eliyo. Apa imani, muwafunse anawo kuti akanakhala iwo akanatani. Ena adzati akanathawa, ena adzati akananena theka lokha, ndipo mayankho amenewa musawadzudzule, chifukwa ndiwo akusonyeza kuti anawo alowa m'nkhani. Kenako werengani vesi 18, imene ikunena kuti Samueli anamuuza zonse osabisa kanthu.

Mukatero, bweretsani nkhaniyo m'kalasi mwa anawo pogwiritsa ntchito nthano yopeka. Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 4, tingomutcha Takondwa, amene walandira kope lake la masamu. Pamwamba aphunzitsi alemba ndi inki yofiira kuti wakhoza 17 pa 20, koma iye atawerenga zochonga wapeza 14 zokha, moti aphunzitsi anaphonya powonkhetsa. Ndi 17 ali pa nambala 3 m'kalasi, ndipo amayi ake anamulonjeza nsapato zatsopano. Akutseka kopelo, akulitsegulanso, akuwerenganso ndi chala, belu la nthawi yopuma likulira anzake akutuluka. Pomaliza akupita kutsogolo, akugwada pafupi ndi tebulo, nanena motsitsa mawu kuti, “Aphunzitsi, pepani, ndikuona ngati malikisi anga achuluka.” Mukamafotokoza gawo limeneli mukhale ndi kope lenileni m'manja, ndipo zochongazo muziwerenge mokweza pamodzi ndi ana.

Pamene alaliki ambiri amalakwitsa ndi pamathero. Amafuna kuti aphunzitsi a m'nthanomo asangalale, amusiyire Takondwa 17 yake, mwinanso ahedi amupatse mphoto pa asembule. Mathero otere amaphunzitsa kuti chilungamo ndi malonda, ndipo tsiku limene mwana adzanene zoona n'kulandira chibalo chosesa pabwalo, adzaona ngati munamunamiza. Lolani aphunzitsiwo afute 17, alembe 14, amuthokoze ndi mawu ochepa, ndipo Takondwa atsike pa nambala. Eli nayenso sanamupatse Samueli mphatso. Anangovomera kuti ndi Yehova, achite chomukomera. Zimene mutuwo ukunena pambuyo pake n'zakuti Aisraeli onse, kuyambira ku Dani mpaka ku Beereseba, anadziwa kuti Samueli ndi mneneri wokhazikika wa Yehova, ndipo zimenezi zinabwera iye akukula, osati m'mawa womwewo.

Pali ngozi inanso yofunika kuitchinga. Popeza uthenga wa Samueli unali wokhudza zolakwa za ana a Eli, ana ena amamva kuti akulimbikitsidwa kuneneza anzawo pa chilichonse. Akumbutseni kuti Samueli sanathamange kukaulula mokondwa, koma anayankha atafunsidwa ndi mwini nkhani. N'chifukwa chake nthano ya kusukulu iyenera kukhala ya mwana wonena zoona pa za iye mwini. Musatchulenso mwana aliyense wa m'gulumo ngati chitsanzo, ngakhale mutadziwa kuti anabera mayeso sabata yatha, ndipo dzina la m'nthano mulisinthe ngati pagulupo pali Takondwa.

Zonsezi zisapitirire mphindi 8: zitatu za Samueli, zitatu za Takondwa, ziwiri za vesi loloweza ndi pemphero. Vesi likhale limodzi, Luka 16:10 kapena Aefeso 4:25, lowerengedwa kuchokera m'Baibulo limene mpingo wanu umagwiritsa ntchito, kaya Buku Lopatulika kaya Buku Loyera, kuti makolo akalimve chimodzimodzi kunyumba. Kuti mudziwe ngati phunziro lalowa, musafunse kuti, “Kodi kunama n'kwabwino?” chifukwa onse adzakuwa kuti “Ayi!” ngakhale amene amasinza. Funsani mwana mmodzi kuti Takondwa akanasunga 17 yake, ndani akanadziwa, ndipo mudikire ayankhe yekha.