Nkhope yotsinzina pa chithunzi cha gulu

Wina akatsinzina pa chithunzi cha gulu, mutha kutenga nkhope yake pa chithunzi china cha gulu lomwelo pamene maso ali otsegula. Mukamasinthanitsa nkhope, musadule maso okha. Maso obwereka amaonekeratu kuti ndi omata, chifukwa munthu akatsinzina nsidze ndi masaya zimasunthanso.

Sankhani chithunzi chimene mutu wa munthuyo wapendekeka mofanana ndi pa chithunzi chotsinzinacho, kuwala kukuchokera mbali yomweyo. Mu Photoshop tsegulani zonse ziwiri m'fayilo imodzi, cha maso otsegula chikhale pamwamba, muzisankhe zonse ziwiri, kenako muzilinganize ndi Edit > Auto-Align Layers. Chapamwambacho chiphimbeni ndi Layer Mask yakuda, kenako pakani moyera ndi burashi yofewa kuchokera pachipumi mpaka pachibwano kuti nkhope ya maso otsegula ionekere. Malire adutse m'tsitsi kapena mumthunzi wa pansi pa chibwano, osati pakati pa tsaya.

Mukamaliza kulitsani chithunzicho, muyang'anitsitse makutu ndi kolala. Mukaona khutu lili pawiri, ndiye kuti mutu unasuntha. Ikankheni nkhopeyo pang'ono mpaka mphuno zikumane.