Kuwerengera matailosi a chipinda: 10 peresenti yowonjezera siikwanira nthawi zonse

Amene akufuna kuyala matailosi m'chipinda nthawi zambiri amalangizidwa kuti achulukitse mulitali ndi mulifupi, awonjezere 10 peresenti ya zowonongeka, kenaka akagule. Langizoli ndi labwino poyambira, koma limanamiza anthu ambiri pamene matailosi ndi akuluakulu ndipo chipinda ndi chaching'ono, chifukwa zotayika sizidalira kukula kwa chipinda kokha koma zimadaliranso mmene tailosi ikugwera pa khoma. Titenge chipinda chogona chimodzi ndipo tichiwerengere kuyambira pa tepi mpaka pa ndalama, kuti tione pamene masamu a pa pepala amasiyanirana ndi ntchito ya mmisiri.

Muyeso uyenera kutengedwa m'kati mwa chipinda pulasitala atatha, osati pa pulani ya nyumba, popeza pulasitala amadya masentimita angapo ndipo omanga satsatira pulani ndendende. Yezani mulitali malo awiri, pafupi ndi khoma lililonse, ndipo muchite chimodzimodzi ndi mulifupi. Ngati miyeso yasiyana, tengani waukuluwo. Chipinda chathu chapezeka kuti ndi mamita 3.8 mulitali ndi mamita 3.3 mulifupi, ndipo chili ndi khomo limodzi la masentimita 90. Musanapinde tepi, yezaninso kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. M'chipinda choterechi miyeso iwiriyi iyenera kukhala pafupifupi mamita 5.03, ndipo ngati ikusiyana ndi masentimita oposa awiri kapena atatu, ndiye kuti makoma ndi okhota, matailosi a m'mphepete adzadulidwa mopendekeka, ndipo zotsala zake zambiri sizidzagwiranso ntchito. Samalaninso kuti miyeso yonse ikhale ya mamita, chifukwa amisiri ena amayeza m'mafiti pamene makatoni amalembedwa m'masikweya mita, ndipo sikweya mita imodzi ndi masikweya fiti pafupifupi 10.76.

Tikachulukitsa 3.8 ndi 3.3 tipeza masikweya mita 12.54. Tiyerekeze kuti mwasankha matailosi a masentimita 60 mbali zonse. Tailosi imodzi yotere imakuta sikweya mita 0.36, ndipo katoni ya matailosi anayi, yomwe ndi yofala pa saizi imeneyi, imakuta masikweya mita 1.44. Chiwerengero cha matailosi m'katoni chimasiyana malinga ndi fakitale, choncho werengani pa katoni yeniyeniyo m'malo mongokhulupirira mawu a wogulitsa. Tikawonjezera 10 peresenti pa 12.54 tipeza 13.79, ndipo tikagawa 13.79 ndi 1.44 tipeza makatoni 9.58. Katoni siigulidwa yoduka, ndipo powerengera zomangira timakweza nambala nthawi zonse, motero yankho la njira yoyambayi ndi makatoni 10, omwe ndi matailosi 40.

Tsopano tiwerenge monga momwe mmisiri amayalira. Mmisiri wodziwa ntchito sayambira pa khoma. Amapeza pakati pa chipinda ndi kugawa matailosi kuti zidutswa za m'mphepete zifanane mbali zonse ziwiri. Pa mulitali wa masentimita 380 mukhoza kulowa matailosi athunthu asanu ndi imodzi, koma pamatsala masentimita 20 okha, kutanthauza kachidutswa ka masentimita 10 mbali iliyonse. Tizidutswa topyapyala chonchi sitioneka bwino, timavuta kudula, ndiponso timaonetsa poyera kukhota kulikonse kwa khoma. Chimene mmisiri amachita ndi kusuntha mzere ndi theka la tailosi, kuti pakhale matailosi athunthu asanu pakati ndi chidutswa cha masentimita 40 mbali iliyonse. Pa mulifupi wa masentimita 330 zimachitikanso chimodzimodzi: athunthu anayi pakati, ndi chidutswa cha masentimita 45 uku ndi uku. Mipata ya pakati pa matailosi, yomwe imakhala pafupifupi mamilimita atatu, imachotsako pang'ono pa zidutswazi koma siisintha chiwerengero.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chidutswa cha masentimita 40 kapena 45 chimadya tailosi yathunthu, chifukwa chotsala chake cha masentimita 20 kapena 15 sichingakwane pena paliponse pansi. Ndiye kuti chipinda chili ndi mizere isanu ndi iwiri mbali ina ndi mizere isanu ndi umodzi mbali inayo, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 6 ndi matailosi 42, mwa amenewa 20 okha ndi amene adzayalidwe osadulidwa. Matailosi 42 ndi masikweya mita 15.12, kutanthauza kuti zowonjezera zenizeni zapitirira 20 peresenti tailosi ngakhale imodzi isanasweke. Amene anagula makatoni 10 adzapeza kuti ntchito yaima matailosi awiri akuperewera, kapena mmisiri adzamuyalira moyambira pa khoma, mbali imodzi n'kukhala ndi zidutswa zoonda pofuna kuti katundu akwane. Kuyala koyambira pa khoma si kulakwa, ndipo m'chipinda chathu kungadye matailosi 36 kapena 37 okha, makamaka ngati mbali yodulidwayo idzabisika kuseri kwa bedi kapena wodilopu. Chofunika n'chakuti mwini nyumba asankhe yekha asanagule, osati kuti kuperewera kwa katundu kumusankhire.

Matailosi aang'ono savuta chonchi. M'chipinda chomwechi, matailosi a masentimita 40 oyalidwa kuchokera pakati amafunika mizere 10 ndi mizere 9, omwe ndi matailosi 90, ndipo ngati katoni ili ndi matailosi 12, makatoni 8 amene njira ya 10 peresenti ikanatipatsa ali ndi matailosi 96 ndipo akukwana bwinobwino. Tailosi ikamakula poyerekeza ndi chipinda, kudalira peresenti kumakhala koopsa, ndipo kuwerenga mizere pa pepala, komwe sikutenga nthawi, ndiko kumapereka yankho lodalirika. Amene akufuna matailosi oyalidwa mopingasa awonjezere zosachepera 15 peresenti, popeza tailosi iliyonse yokhudza khoma imadulidwa.

Siketini, kamzere ka matailosi kozungulira m'munsi mwa khoma, amaiwalika kawirikawiri pa mawerengedwe. Kuzungulira chipinda chathu ndi mamita 14.2, ndipo tikachotsa khomo patsala mamita 13.3. Tikagawa 13.3 ndi 0.6 tipeza 22.2, motero pafunika zidutswa 23 za masentimita 10 msinkhu. Apa zotsala zija zimabweza ndalama, chifukwa matailosi 22 a m'mphepete aliyense amasiya chidutswa chotalika masentimita 60 chokhala ndi mphepete yosalala ya ku fakitale, yomwe ndiyo imayenera kuloza kumwamba. Ngati mmisiri wauzidwa ntchito isanayambe kuti asunge zotsalazo bwino, siketini yense angofuna tailosi imodzi yatsopano. Tafika pa matailosi 43, omwe akulowa m'makatoni 11 n'kutsala tailosi imodzi yokha. Imodzi ndi yochepa kwambiri, chifukwa matailosi amasweka pa galimoto, ena amang'aluka podula, ndipo ndi bwino kusunga atatu kapena anayi okonzera pansi m'tsogolo. Malangizo anga ndi akuti pa chipinda chimenechi mugule makatoni 12.

Wina angafunse chifukwa chosagulira makatoni ochepa kaye n'kudzawonjezera akaperewera. Matailosi amawotchedwa m'magulu, ndipo magulu awiri a mtundu umodzi amatha kusiyana pang'ono maonekedwe komanso kukula ndi milimita imodzi kapena iwiri. M'sitolo kusiyanaku sikuoneka, koma pansi, kuwala kwa pa zenera kukagwerapo, mzere wa gulu lina umaonekera patali. Pa katoni iliyonse pamakhala nambala kapena zilembo zosonyeza gulu lake, ndipo muyenera kuona kuti makatoni onse ali ndi zofanana musanalipire. M'masitolo athu, momwe katundu wambiri amachokera kunja, mtundu umene ulipo lero ukhoza kutha osabweranso.

Mitengo imasintha msanga, choncho imene ndikugwiritsa ntchito pano ndi yongoyerekeza, ndipo inu muikepo imene mwaipeza ku hadiweya. Tinene kuti katoni ikugulidwa K32,000. Makatoni 12 akwana K384,000. Poyerekeza mitengo ya masitolo awiri, gawani mtengo wa katoni ndi masikweya mita ake, chifukwa katoni yotchipa ikhoza kukhala ndi katundu wochepa. Yathuyi ikupereka pafupifupi K22,200 pa sikweya mita. Simenti yomatira matailosi imawerengedwa pa malo amene akutidwe, osati pa matailosi ogulidwa, ndiye tiphatikize 12.54 ya pansi ndi 1.33 ya siketini, zomwe ndi masikweya mita 13.87. Ngati thumba la makilogalamu 20 lalembedwa kuti limakuta masikweya mita anayi, pafunika matumba 3.47, kutanthauza anayi, ndipo pa K18,000 thumba ndi K72,000. Nambala ya pa thumba imayenderana ndi pansi posalala. Ikani thabwa lowongoka la mamita awiri pansi m'malo osiyanasiyana, ndipo ngati pansi pa thabwalo pakuoneka mpata woposa mamilimita asanu, yambani mwasalaza ndi simenti ndi mchenga, chifukwa kudzaza maenje ndi simenti yomatira kungadye matumba ena awiri ndipo ndiko kukwera mtengo. Kuchepetsa simenti poika timibulu pa ngodya za tailosi nako n'kutaya ndalama, pakuti tailosi yotero imalira ngati ng'oma mukaigogoda ndipo imasweka mwendo wa bedi ukaponda pamene pali mphako.

Gilauti yotsekera mipata imalowa yochepa pa matailosi akuluakulu, pafupifupi makilogalamu awiri m'chipinda chino, choncho tiike K12,000, ndi K4,000 ya timitanda ta pulasitiki tosiyanitsira matailosi. Katundu yense wafika pa K472,000. Ngati mmisiri akulipiritsa K5,000 pa sikweya mita, malipiro ake awerengedwe pa 12.54 osati pa masikweya mita a makatoni, ndipo akwana K62,700. Siketini pa K1,000 mita iliyonse ndi K13,300, zonse pamodzi K76,000. Mugwirizane ntchito isanayambe ngati siketini ali m'kati mwa mtengo kapena ayi, chifukwa mikangano yambiri imabukira pamenepa. Tikawonjezera K20,000 yonyamulira katundu, chipinda chonse chikudya K568,000, ndipo mwa ndalama zimenezi K64,000 ndi ya makatoni awiri amene njira ya 10 peresenti sikanawaona.