Dzino Likamapweteka Tsaya Nkutupa

Tsaya likatupa chifukwa cha dzino, nthawi zambiri ndiye kuti kunsonga kwa muzu kwasonkhana mafinya. Tizilombo timalowa pabowo la dzino lofumbwa, nkupha mtsempha wamkati, kenako nkufika m'fupa la nsagwada. Mukatupa chonchi pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Podikirapo, munthu wamkulu amwe panado wa mamiligalamu 500, mapiritsi awiri maola 6 aliwonse, osapitirira 8 pa tsiku, chifukwa wochuluka amawononga chiwindi. Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, muchukuche mkamwa nkulavula, katatu kapena kanayi pa tsiku. Patsaya ikanipo kansalu konyowetsa m'madzi ozizira kwa mphindi 15. Musathowe ndi madzi otentha, kutupa kumawonjezeka. Asipilini woika pankhama nayenso ayi, amawotcha nkhamayo nkusiya chilonda choyera. Pogona, mutu ukhale pamwamba.

Ululu ukangoleka wokha, musati mwachira. Mwina mtsempha wafa, koma mafinya akadalimo, ndipo amachoka dokotala wa mano akawakhetsa kapena akazula dzinolo. Makapusozi ogula pagolosale sachotsa gwero la vutolo.

Mano a pansi a kumapeto ndiwo oopsa kwambiri, poti mafinya ake amatha kutsikira kunsi kwa lilime ndi m'khosi nkutseka njira ya mpweya. Mukaona kutentha thupi, kukanika kuyasamula moti zala ziwiri sizikulowa pakati pa mano, kuvutika kumeza malovu kapena kupuma, ngakhalenso kutupa kukufika m'diso, musadikire kuti kuche. Nyamukani usiku womwewo.