Momwe mungasankhire zithunzi kuti pulogalamu isakupatseni nkhope ya munthu wina

Mlamu wanga amagulitsa chambo kufupi ndi mlatho wa pa Shire kuno ku Mangochi, ndipo ankafuna chithunzi cha jekete ndi tayi choti aike pachikwangwani. Tinapatsa pulogalamu yopanga zithunzi za anthu zithunzi zake 12. Pa 9 anali atavala kapusi, pa 4 magalasi akuda. Jekete inatuluka bwinobwino, koma kapusi inakanirira pamutu, maso nawo anali a munthu amene sitinamuonepo. Mlamu anangoti, "Ameneyu si ine."

Pulogalamuyi sidziwa kuti kapusi imavulidwa. Chimene yachiona mobwerezabwereza imachitenga ngati chiwalo cha munthuyo, ndipo chimene chabisika imangopeka potengera nkhope za ena zomwe inaphunzirapo.

Choncho yambani ndi kuwerenga. Yalani zithunzi zonse, muone kuti ndi zingati zomwe zikuonetsa chipumi, maso onse awiri, mphuno ndi chibwano pamodzi. Pa zithunzi 12, ine ndimafuna 10 zikhale choncho. Za magalasi akuda chotsani zonse, ngakhale chija chokongola chomwe munajambulitsa kunyanja. Mapulogalamu ambiri amapima nkhope poyambira pa maso, ndiye maso akabisika zinanso zimasokonekera. Za masiki za nthawi ya Kolona nazonso zichoke, chifukwa milomo ndi nsagwada zidzakhala zopeka.

Chipewa ndiye chimapusitsa. Nkhope imaoneka ngati yonse ilipo, chonsecho dzuwa lathu lamasana laponya mthunzi wa chipewacho m'maso, ndipo poyambira tsitsi sipakuoneka. Mlamu wanga ali ndi dazi, koma pomwe kapusi inalekezera, pulogalamu inamumeretsa tsitsi la mnyamata. Jambulani zina pakhonde m'mawa, mutu uli pamtunda: chakutsogolo, chakumanzere, chakumanja, malaya osiyanasiyana.

Kofia, hijabu kapena duku ndi nkhani ina. Ngati mayi anu satuluka m'nyumba opanda hijabu, musawavule chifukwa cha makina. Umo ndi momwe anthu amawadziwira. Ingosinthani mitundu ya nsalu kuti pulogalamu isagwiritse mtundu umodzi, ndipo nsidze ndi chibwano zioneke.

Ngati pali malo olembapo zomwe zili pa chithunzi chilichonse, monga pa LoRA, yomwe ndi njira yophunzitsira pulogalamu ndi zithunzi zochepa, tchulani chovalacho pa chithunzi chomwe chatsala ndi kapusi:

```
wearing a cap
```

Mukatero pulogalamu imayamba kusiyanitsa munthu ndi kapusi yake.

Pomaliza pemphani pulogalamu ipange zithunzi 4 zopanda chovala kumutu, muziike pambali pa chithunzi chenicheni. Tsitsi likaoneka lophwatalala ngati lapanikizidwa, kapena mzere wakuda ukadutsa pachipumi, kapusi idakalimo. Maso akamasintha pa chithunzi chilichonse, ndiye kuti zoonetsa maso zachepa. Ife tinawonjezera 8 zapakhonde n'kuyambiranso, dazi la mlamu linabwerera.