Kalata yokana ngongole: inene chigamulo poyera, koma isamuchotsere munthu ulemu

Malangizo awa ndi a anzathu ogwira ntchito m'nthambi za mabanki ndi m'mabungwe obwereketsa ndalama kuno ku Chigwa cha Shire, makamaka amene amapatsidwa udindo wolemba kalata yodziwitsa munthu kuti ngongole imene anapempha sinavomerezedwe. Vuto limene limabwera kawirikawiri m'makalata amenewa si mwano ayi, koma mantha. Wolembayo amaopa kumukhumudwitsa kasitomala, ndiye amazungulira mpaka kalata kutha popanda mawu akuti ngongole yakanidwa.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Ngabu, amene amalima thonje kumunda ndi chimanga kudimba, wapempha K1,800,000 kuti agule mpope woyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo akufuna kubweza m'miyezi 12. Pamodzi ndi chiwongoladzanja, tinene kuti azibweza K190,000 mwezi uliwonse. Banki itayang'ana akaunti yawo ya miyezi 6 yapitayi, yapeza kuti mumalowa ndalama pafupifupi K250,000 pamwezi, kutanthauza kuti akabweza azitsala ndi K60,000 yokha ya chakudya, fizi ndi zipangizo zaulimi. Banki yakana. Koma kalata imene mayiwo alandira ikuti: "Pempho lanu taliganizira mozama mogwirizana ndi ndondomeko zathu, ndipo pakadali pano zinthu sizinafike pamene timafuna. Tikukuthokozani chifukwa chopitiriza kutikhulupirira."

Munthu wowerenga zimenezi amamva kuti nkhani ikadali m'kati. Mawu akuti "pakadali pano" amamuuza kuti adikire, ndipo mayiwo adzadikiradi. Adzauza wogulitsa mpope kuti awasungire, adzalipira thiransipoti kupita kunthambi ya banki ku Nchalo kukafunsa ngati zatheka, ndipo nyengo yobzala kudimba madzi akaphwera idzadutsa iwo asanafune thandizo kwina. Kalata imene wolemba ankaiona ngati yachifundo yawadyera ndalama ndi nthawi. Chizindikiro chakuti makalata anu ali ndi vuto limeneli n'chosavuta kuchiona: anthu amene munawakana amabweranso atanyamula kalata yomweyo n'kumafunsa kuti ndalama zituluka liti.

Pokonza, yambani ndi chigamulo. Pambuyo pa moni, chiganizo choyamba chitchule tsiku la pempho, kuchuluka kwa ndalama ndi yankho, motere: "Okondedwa Mayi, tikukudziwitsani kuti ngongole ya K1,800,000 imene munapempha pa 4 May kuti mugulire mpope sinavomerezedwe, ndipo banki siipereka ndalamazi." Ena amaona ngati kunena kuti "siipereka" n'kuuma pakamwa, koma ine ndimalimbikitsa kuti mawuwa akhalepo, chifukwa "sinavomerezedwe" payokha amamvekanso ngati "sinavomerezedwebe". Kupepesa kukhalepo, koma kamodzi kokha, ndipo kubwere pambuyo pa chigamulo: "Tikudziwa kuti munali ndi chiyembekezo, ndipo pepani kuti yankho lathu silili monga munkafunira."

Kenako pabwere chifukwa, ndipo apa ndi pamene ulemu umasungidwa kapena kutayika. Chifukwacho chikhale chenicheni, chimene chalembedwa m'failo, ndipo chinene za ndalama, osati za khalidwe la munthu. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kulemba kuti "mwalephera kukwaniritsa zofunika" kapena "simungakwanitse kubweza", ndi kulemba kuti: "Ngongoleyi ikanafuna kuti muzibweza K190,000 pamwezi, pamene ndalama zimene zalowa mu akaunti yanu kuyambira November mpaka April zinali pafupifupi K250,000 pamwezi. Banki yaona kuti zotsalazo sizingakwanire zofunika pakhomo ndi kumunda." Mawu oyambawo akumuweruza munthu, pamene achiwiriwo akumuonetsa masamu amene angawayang'ane yekha, ngakhale kuwatsutsa kumene.

Kutchula miyezi imene mwayang'ana n'kofunika kwambiri kuno kwathu. Mlimi wa thonje kapena wa chitowe amagwira ndalama zambiri kamodzi pachaka, pa nyengo yogulitsa, ndipo kuyambira November mpaka April ndi nthawi imene m'thumba mumakhala mouma. Komanso ndalama zambiri za malonda a mbuzi ndi mondokwa zimayenda pamanja kapena pafoni, sizifika ku akaunti. Mayi uja akaona miyezi yalembedwa m'kalata, adzazindikira okha kuti banki sinaone ndalama zawo zonse, ndipo adzadziwa umboni umene angabweretse. Chifukwa chobisika m'mawu akuti "ndondomeko zathu" chimangosiya munthu akuganiza kuti winawake wamuipitsira mbiri, kapena kuti pamafunika kupereka kenakake kwa wogwira ntchito kuti zinthu ziyende.

Kumbukiraninso kuti kalata yambiri kumudzi siiwerengedwa ndi mwini wake yekha. Imawerengedwa mokweza ndi mwana wa sukulu, mdzukulu kapena mnansi, makamaka ikakhala ya Chingerezi, ndiye mawu alionse onyozetsa amamveka kwa banja lonse. N'chifukwa chake kalata iyenera kulembedwa m'chinenero chimene munalankhula ndi kasitomalayo podzaza fomu, imutchule kuti Mayi kapena Bambo ndi "inu" kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo iperekedwe mu envelopu yomata. Ngati chifukwa chokanira ndi ngongole yakale yosabwezedwa imene yaoneka ku bungwe losunga mbiri ya obwereka, lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la Credit Reference Bureau la 2010, nenani mwachidule kuti chigamulo chachokera pa mbiri imeneyo, ndipo muwauze kuti angathe kupempha kuiona ndi kudandaula ngati muli zolakwika. Mawu ngati "wosakhulupirika" kapena "wothawa ngongole" asapezeke m'kalata ya banki.

Ndime yotsatira inene zimene munthu angachite, koma mosamala kuti isasanduke lonjezo. Pa nkhani ya mayi a ku Ngabu mungalembe kuti: "Mungathe kupemphanso ngongole yocheperapo, mwachitsanzo K700,000 imene kubweza kwake kungakhale pafupifupi K74,000 pamwezi, kapena kudzapemphanso mutasungitsa ndalama za malonda anu mu akaunti kwa miyezi 6. Pempho latsopano lidzayang'anidwa palokha, ndipo kalata ino sikulonjeza kuti lidzavomerezedwa." Musanalembe njira iliyonse, funsani akuluakulu a nthambi ngati njirayo ilipodi, chifukwa kumutuma munthu kukasonkhanitsa mapepala a chinthu chimene banki siingapereke n'kumukana kawiri. Ngati palibe njira ina, ndi bwino kunena zoona kuti palibe.

Pomaliza pa kalata mulembe udindo wa amene angafunsidwe, masiku amene amapezeka, ndiponso kuti mapepala a chikole amene anasiyidwa akatengedwe liti. Onjezani kuti ngati kasitomala sakukhutira angadandaule kwa woyang'anira nthambi, ndipo ngati sizinathekebe angapite ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse m'dziko muno.

Musanasainitse, muwerengereni mokweza mnzanu amene sanaone failoyo, osatchula dzina la mwini wake, kenako mumufunse ngati ngongole yaperekedwa, chifukwa chake, ndi chimene munthuyo achite tsopano. Akazengereza pa funso loyamba, bwererani ku chiganizo choyamba cha kalata n'kuchotsa mawu onse amene aima patsogolo pa chigamulo.