Musanavomere kuti ndi meti pa kusuntha kwachiwiri

Munthu akakuuzani kuti wapeza yankho la funso la tchesi, lembani kusuntha kulikonse kumene akuda angachite, ngakhale kooneka kopusa. Kukapezeka kumodzi kothawitsa mfumu, yankholo lafa.

Yalani bolodi motere. Oyera: mfumu c8, ruku a1, poni b6. Akuda: mfumu a8, bishopu b8, maponi a7 ndi b7. Oyera ndiwo ayambe, ndipo apeze meti pa kusuntha kwachiwiri.

Ambiri amakopeka ndi 1.Ra2, poti bishopu akangochoka pa b8, 2.Rxa7 ndi meti. Koma amaiwala poni: akuda amasewera a6, meti osapezekanso.

Yankho lenileni ndi 1.Ra6, chifukwa ruku watsekera poniyo njira. Tsono werengani zidutswa za akuda chimodzichimodzi. Mfumu ilibe kolowera. Poni wa a7 sangadye b6, chifukwa angasiye mfumu yake pa tcheki. Poni wa b7 akadya ruku, 2.b7 ndi meti. Bishopu ali ndi malo 6 opitako, kuyambira c7 mpaka h2. Yang'anitsitsani c7, pomwe wayandikira kwambiri: akuloza b6, inde, koma kudya poniyo sikuchotsa tcheki ya 2.Rxa7, ndipo mfumu singadye ruku wotetezedwa.