Kakonzedwe ka Chikumbutso cha Mankhwala Akumwa Kamodzi pa Tsiku

Alamu ya pa foni imathandiza kukumbukira nthawi ya mankhwala, koma siidziwa ngati munthu wamwadi kapena wangoizimitsa n'kupitiriza kugona. N'chifukwa chake pamafunika chikumbutso chachiwiri, ndipo chimenechi chikhale chofunsa, osati cholamula.

Titenge chitsanzo cha mayi amene amamwa ma ARV a TLD, piritsi limodzi pa tsiku, nthawi ya 6 koloko m'mawa. Alamu yoyamba ilire 6 koloko, ndipo igwirizane ndi ntchito imene mayiyo sailumpha, monga kutereka madzi a phala pamoto. Botolo la mankhwala, kalendala ndi cholembera zikhale pamalo amodzi pomwe ana sangafikire. Akangomeza piritsi achonge tsikulo pa kalendala, ndipo asachonge asanameze, pakuti chizindikirocho ndicho umboni umene adzaudalire pambuyo pake.

Alamu yachiwiri ilire 7 koloko ndipo ilembedwe kuti "Kodi mwachonga lero?" Mawu akuti "Imwani mankhwala" si abwino pa alamu imeneyi, chifukwa munthu wotanganidwa, amene wamwa kale koma sakukumbukira bwino, akhoza kumwanso kachiwiri. Funsolo limamutumiza ku kalendala. Akapeza pochongedwa, palibe chochita. Akapeza popanda kanthu, amwe nthawi yomweyo. Funsoli lilinso ndi ubwino wakuti silitchula matenda, choncho foni ikhoza kulira m'minibasi kapena kumaliro popanda kuulula za mwini wake.

Nanga akakhala kuti wachoka m'mamawa kupita kumunda, mankhwala n'kuwasiya kunyumba? Malangizo a kuchipatala pa TLD ndi akuti munthu akakumbukira maola 12 asanakwane, amwe pomwepo, ndipo mawa lake amwe pa nthawi yake ya masiku onse. Maola 12 akadutsa, piritsi limenelo alisiye n'kudikira la mawa, osamwa awiri pofuna kubwezera. Kwa mayiyu malire ndi 6 koloko madzulo, choncho alamu yachitatu ilire 5 koloko ndi funso lomwe lija. Ikakhala ya 9 koloko usiku ndiye kuti yachedwa, ndipo ingomusokoneza.

Tsiku lodumphidwa alizunguze pa kalendala n'kulemba chifukwa chake, kaya ndi ulendo kapena foni kutha moto. Kalendalayo apite nayo kuchipatala pa tsiku lokatenga mankhwala ena. Masiku ozunguzidwa akamagwera pa tsiku la msika, vuto ndi nthawi imene anasankha, ndipo akambirane ndi adokotala zoisintha. Kumene magetsi amavuta, gadiyani wake azifunsa funso lomwelo pakamwa.

Malire a maola 12 sagwira pa mankhwala onse. Mapiritsi olerera, insulini ndi mankhwala akumwa kawiri pa tsiku ali ndi malamulo awoawo, motero funsani anamwino kapena ogawa mankhwala musanatchere alamu yomaliza.